Kupweteka kwa pachifuwa mwa wachinyamata wathanzi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi omwe anyamata ndi atsikana a zaka zapakati pa 18 ndi 35 amafunsa kawirikawiri akafika kuchipatala atagwira pachifuwa. Mayankhowa alembedwera munthu amene alibe matenda okhalitsa odziwika. Wamkulu wopitirira zaka 40, wodwala shuga kapena wothamanga magazi nkhani yake ndi ina: iye akamva kupweteka pachifuwa apite akapimidwe tsiku lomwelo.

Sindidwaladwala, koma pachifuwa pakundipweteka chakumanzere. Kodi ndi mtima?

Nthawi zambiri si mtima. M'chifuwa muli zinthu zinayi zomwe zimatha kupweteka: khoma la chifuwa (nthiti, minofu ndi chichereweche chomwe chimalumikiza nthiti ku fupa la pakati), kum'mero komwe kumadutsa chakudya, mapapo pamodzi ndi kachikopa kowakuta, ndiponso mtima. Mwa achinyamata, khoma la chifuwa ndilo limatsogola, kenako chilungulira. Mtima umabwera pambuyo penipeni.

Mbali imene ikupweteka siuza zambiri. Ululu wa nthiti umakondanso kumanzere, pomwe ululu weniweni wa mtima umamveka pakati pa chifuwa. Kukula kwa ululu nakonso kumanyenga, chifukwa mnofu wokokeka umatha kuliza munthu wamkulu, pamene vuto loopsa la mtima nthawi zina limangomveka ngati kulemedwa chabe. Chomwe chimasiyanitsa ndi khalidwe la ululuwo: chimauyambitsa n'chiyani, chimauziziritsa n'chiyani, ndipo ukubwera ndi zizindikiro zina ziti. Wa khoma la chifuwa umatsata kudina ndi kutembenuka. Wa chilungulira umatsata chakudya ndi kugona pansi. Wa mapapo umatsata mpweya. Wa mtima umatsata ntchito yolemetsa, kupatula mtundu umodzi womwe tiufotokoza m'munsimu.

Ndi liti pamene sindiyenera kudikira kuti kuche?

Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngati ululu wabwera limodzi ndi kubanika muli chikhalire, kukomoka kapena kuchita chidima m'maso, thukuta lozizira, kukhosomola magazi, kapena mtima kugunda mothamanga ndi mosalongosoka osaleka. Chimodzimodzi ngati mukumva kulemera kapena kufinyika pakati pa chifuwa kwa mphindi zoposa 15, makamaka kukamafalikira kunsagwada, kukhosi kapena kumkono. Ululu wong'amba womwe wayamba mwadzidzidzi n'kulasa mpaka kumsana nawonso sudikira. Musadziyendetsere njinga kapena galimoto, wina akuperekezeni.

Pali zinthu ziwiri zomwe mungawerenge nokha ndi wotchi ya pafoni, mutakhala pansi n'kupumula mphindi 5. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi imodzi, ndipo mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100. Ngati mukupuma koposa ka 24, kapena mtima sukutsika pa 100 ngakhale mwapumula, musanene kuti ndi mnofu chabe.

Ululu wa nthiti ndi minofu umadziwika bwanji?

Umalozeka ndi chala chimodzi kapena ziwiri. Munthu amati “apa”, osati “monsemu”. Mukadina pamalopo, ululu womwewo umene wakhala ukukusautsani umabwera. Umakula mukatembenuza thupi, mukakweza mkono, mukagonera mbali imeneyo, mukayetsemula kapena mukakoka mpweya wambiri, chifukwa zonsezi zimasuntha nthiti. Mukakhala phee umachepa.

Kawirikawiri mukaganiza bwino mupeza chomwe chinachitika dzulo kapena dzana: kupanga mizere, kusenza matumba a chimanga, kuumba njerwa, kupalasa kabaza pachitunda, kunyamula zitsulo, kuwombana pa mpira, kapena chifuwa chomwe munakhosomola sabata yonse. Koma pali mtundu wina womwe umabwera popanda chifukwa chooneka. Chichereweche cha nthiti chimatupa chamkati pomwe chimakumana ndi fupa la pakati, makamaka kuyambira nthiti yachiwiri mpaka yachisanu. Yendetsani chala m'mphepete mwa fupa la pakatilo kuchokera kumtunda, mupeza malo awiri kapena atatu owawa motsatizana. Kunja sikuoneka kanthu, ndipo ekisire siionetsa vuto. Sikoopsa, koma kumachedwa kupola: milungu ingapo, mwa ena miyezi.

Chithandizo chake n'kupumitsa ntchito yomwe ikuwawitsa, kuthowa ndi nsalu yofunda, ndi panado, mapilitsi awiri a mamiligalamu 500 pa nthawi imodzi, osapitirira kanayi pa tsiku. Musamange chifuwa ndi nsalu yothina, popeza zimalepheretsa mapapo kufutukuka bwino. Za bulufeni onani funso la m'munsi lomwe likunena za iye.

Chinthu chimodzi chofanana ndi zimenezi ndi mashingozi. Ngati khungu likuotcha kapena kunyerenyesa mbali imodzi yokha ngati lamba, moti ngakhale malaya akukupwetekani, yang'anirani matuza omwe amatuluka patatha masiku angapo. Wachinyamata amene watuluka mashingozi ayezetse magazi kuti adziwe ngati ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi.

Ndiye ngati pakupweteka ndikadina, ndingakhale ndi mtendere?

Pokhapokha ngati zinthu zitatu zagwirizana. Ululu womwe kudinako kwadzutsa ukhale womwewo umene mumadandaula, osati kuwawa kwina komwe aliyense angamve atadinidwa mwamphamvu pa nthiti. Pasakhale kubanika, kutentha thupi kapena chizindikiro chilichonse cha mu funso lachiwiri. Ndipo kukwera chitunda kusaukulitse, pokhapokha chifukwa cha kugwedezeka kwa thupi. Munthu amatha kukhala ndi chibayo n'kumamvanso kuwawa podina, chifukwa wakhosomola mpaka minofu kutopa. Choncho kudina ndi umboni wabwino, koma sikumaliza mlandu.

Nthawi zina ndimamva kubaya ngati singano pansi pa bere lamanzere, ndimalephera kukoka mpweya, kenako kumatha. Ndi chiyani?

Izi zimachitikira achinyamata ambiri, makamaka atakhala mowerama pa desiki kapena pa mpando. Kubayako kumatenga masekondi ochepa, mwina mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kuzimirira kotheratu osasiya kalikonse. Sikuchokera mu mtima ndipo sikufuna mankhwala. Wongokani msana, pumani pang'onopang'ono. Kukapitirira theka la ola kapena kukabwera ndi kubanika, si kumeneku ayi, onani funso la m'munsi lonena za phapo lovuta mwadzidzidzi.

Chilungulira chingapweteke mpaka kufanana ndi mtima?

Chingathe, ndipo chilankhulo chathu chomwe chimasokoneza, chifukwa malo a pansi pa fupa la pachifuwa timawatchula kuti pamtima. Munthu akati “mtima ukundiotcha”, nthawi zambiri akuloza kum'mero. Pomwe kum'mero kumakumana ndi chifu pali mnofu wozungulira womwe umatseka njira kuti za m'mimba zisabwerere. Ukamasuka nthawi yosayenera, asidi wa m'chifu amakwera n'kuotcha kum'mero, komwe kumadutsa kuseri kwenikweni kwa mtima.

Ululu wake ndi wootcha, umayambira pamtima n'kumakwera chakukhosi. Umabwera mukatha kudya, makamaka mukakhuta kwambiri, ndipo umakula mukagona chagada kapena mukawerama kuchapa ndi kusesa. Ena amamva madzi owawasa kapena owawa akufika m'kamwa, ena amageya pafupipafupi, ena amadzuka m'mawa mawu atasasa. Kudina nthiti sikuusintha. Kukoka mpweya sikuusintha. Kuyenda mtunda sikuuyambitsa.

Zomwe zimauputa n'zodziwika: chipisi ndi kanyenya wa mafuta ambiri, tsabola, mowa, fodya, khofi, zakumwa za gasi, ndipo ambiri kuno amatchula mbatata. Koma chizolowezi chomwe ndimachiona chikuvutitsa anthu kuposa mtundu wa chakudya ndi kukhala tsiku lonse ndi tiyi yekha, kenako n'kudya mitanda inayi ya nsima 9 koloko usiku n'kupita kukagona. Siyani maola atatu pakati pa chakudya chamadzulo ndi kugona. Kwezani miyendo ya bedi ya kumutu ndi njerwa, masentimita 15 mpaka 20, chifukwa kuunjika mapilo kumangopinda thupi n'kufinya mimba. Kugonera kumanzere kumathandizanso.

Mapilitsi otafuna a magineziyamu amaziziritsa m'mphindi zochepa koma mphamvu yake sikhalitsa. Chilungulira chikamabwera kangapo pa sabata, achipatala amapereka omepurazo, mamiligalamu 20 kamodzi pa tsiku, theka la ola musanadye m'mawa, kwa milungu inayi. Kumumwa mutadya kale kumachepetsa mphamvu yake. Chenjezo limodzi ndi lakuti kupeza bwino mutamwa mankhwala a asidi si umboni woti mtima uli bwino ngati ululuwo umabwera pogwira ntchito.

Musadzichize nokha ngati chakudya chikutsamwa kapena kupweteka pomeza, mukuonda, mwasanza magazi kapena chimbudzi chada ngati phula. Khansa ya kum'mero ndi yochuluka m'Malawi, ndipo ngakhale imakonda akuluakulu, kutsamwa kwa nsima si chinthu chochiyang'anira kwa miyezi. Kumeza kapisozi, makamaka dokisi, ndi madzi ochepa n'kugona pomwepo kumathanso kusupula kum'mero n'kubweretsa ululu waukulu pomeza.

Anzanga akuti ndingomwa bulufeni. Pali vuto?

Bulufeni amathandizadi ululu wa nthiti ndi minofu: mamiligalamu 400, katatu pa tsiku, mutadya, kwa masiku 5 mpaka 7. Koma iye pamodzi ndi anzake, indosidi, dikulofenaki ndi asipulini, amakanda chifu. Ngati ululu wanu uli wa chilungulira, auwonjezera. Wapakati, wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso ndi wa mphumu asamwe osafunsa achipatala.

Nachi chitsanzo cha momwe zimasokonezekera. Mnyamata wa zaka 24 wopalasa kabaza anayamba kumva kubaya kumanzere kwa fupa la pachifuwa atanyamula matumba a simenti. Anagula bulufeni n'kumamwa mapilitsi m'mawa asanadye kanthu, masana, madzulo ndi usiku. Patatha milungu iwiri anafika kuchipatala ali ndi mantha, akuti mtima wafika poipa, tsopano ukumudzutsa ndi usiku. Atafunsidwa mofatsa, zinapezeka kuti ululu unali uwiri. Woyamba unali wobaya, pa nthiti yachitatu ndi yachinayi, ndipo unkabwera akadina kapena akakoka chiwongolero. Wachiwiri unali watsopano, wootcha, wa pakati, wobwera akagona atadya, limodzi ndi madzi owawasa m'kamwa. Mtima unkagunda ka 72 pa mphindi, kupuma ka 16, thupi silinali lotentha, ndipo ankakwera zitunda ndi kasitomala osabanika. Mfundo yomalizayi inali yolemera kuposa zonse, chifukwa mtima woperewera magazi nthawi zambiri sulola munthu kupalasa chitunda momasuka n'kudzamupweteka atagona. Anasiyitsidwa bulufeni, anapatsidwa panado ndi omepurazo, n'kuuzidwa kuti asanyamule katundu wolemera kwa milungu iwiri. Kuotcha kunatha sabata isanathe. Kubaya kwa nthiti kunatenga mwezi ndi theka.

Kwathu akuti ndi chibayo. Ndingadziwe bwanji kuti ndi mapapo?

Kumudzi ululu uliwonse wobaya m'nthiti umatchedwa chibayo, ndipo ena amathamangira kutema mphini. Chibayo chomwe achipatala amanena ndi matenda a tizilombo m'phapo, ndipo sichibwera chokha. Chimabwera ndi kutentha thupi, kunjenjemera, chifuwa cha makhololo achikasu kapena ofiirira, kupuma mothamanga ndi kufooka. Wopanda zonsezi, amene akudya ndi kuyenda bwinobwino, n'kovuta kuti akhale ndi chibayo.

Phapo lenilenilo silimva ululu. Chomwe chimapweteka ndi kachikopa komwe kamakuta phapo ndi mkati mwa nthiti. Kakatupa, mpweya uliwonse wokoka umabaya ngati mpeni, munthu n'kumapuma modukiza. Kusiyana kwake ndi ululu wa mnofu n'koti uwu uli mkati: chala sichiupeza, ndipo kukweza mkono sikuusintha kwenikweni.

Kuno kwathu tisaiwale chifuwa chachikulu. Chimatha kudzaza madzi pakati pa phapo ndi nthiti mwa wachinyamata wooneka wathanzi. Chimayamba ndi kubaya mbali imodzi, kenako kubayako kumachepa madzi akachuluka, m'malo mwake n'kubwera phuma. Munthu amaganiza kuti akuchira pomwe matenda akukula. Ngati mwakhosomola milungu iwiri, mukutuluka thukuta usiku, thupi likutentha madzulo kapena zovala zayamba kukhwepa, kapimitseni makhololo ndi kujambulitsa. M'zipatala za boma kupima ndi mankhwala ake n'zaulere, ndipo mankhwalawo amamwedwa miyezi 6.

Kodi phapo lingavute mwadzidzidzi mwa munthu yemwe sanadwale n'komwe?

Inde, m'njira ziwiri, ndipo zonse n'zofunika kupita nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Yoyamba ndi kuphwa kwa phapo. Kathumba kakang'ono ka mpweya pamwamba pa phapo kamaphulika, mpweya n'kutulukira pakati pa phapo ndi nthiti, phapolo n'kufota ngati chubu chobooka. Zimakonda anyamata aatali, ochepa thupi, makamaka osuta fodya kapena chamba, ndipo nthawi zambiri zimachitika munthu atangokhala, osati pa ntchito yolemetsa. Ululu umayamba pa mphindi imodzi yodziwika, mbali imodzi, nthawi zina mpaka paphewa, limodzi ndi phuma komanso kakhosomo kouma. Thupi silitentha. Msampha wake ndi wakuti ululu umatha kuchepa pakapita tsiku, phapo likadali lophwa. Ekisire imaonetsa msanga. Kukakhala kochepa mpweyawo umatha wokha, kukakula amautulutsa ndi singano kapena kapaipi kolowetsa pakati pa nthiti. Kumatha kubwereranso, makamaka mwa amene sanasiye kusuta.

Yachiwiri ndi magazi oundana omwe amachokera m'mitsempha ya mwendo n'kukatseka mtsempha wa m'phapo. Mwa wachinyamata sizichitika kawirikawiri popanda chifukwa. Zifukwa zake ndi pakati, milungu 6 yoyamba mayi atachira, mapilitsi olera okhala ndi esitirojeni, opaleshoni, mwendo wa m'chikhakha, kugona nthawi yaitali chifukwa cha matenda, kapena ulendo wautali wokhala malo amodzi ngati wa basi yopita ku Joni. Zizindikiro zake ndi kubanika kwadzidzidzi, mtima kuthamanga, kubaya popuma, nthawi zina katumba wa mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka. Ekisire imatha kuoneka yabwinobwino, n'chifukwa chake muyenera kutchula nokha za mapilitsi, za uchembere kapena za ulendowo ngakhale musanafunsidwe.

Nanga mtima ukamapwetekadi, umamveka bwanji?

Mtima ukamaperewera magazi, munthu saloza ndi chala. Amaika chikhatho kapena chibakera pakati pa chifuwa n'kunena kuti pakulemera ngati wina wakhalapo. Kumabwera pokwera chitunda kapena pothamanga, n'kutha pakapita mphindi zochepa atapumula. Kudina, kutembenuka ndi kukoka mpweya sizikusintha. Mwa munthu wosafika zaka 30 mitsempha ya mtima sitsekeka kawirikawiri, koma zimachitika mwa osuta kwambiri, ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo monga kokeni, ndi a m'banja lomwe anthu amadwala mtima akadali aang'ono.

Chomwe chimapezeka kwambiri pa msinkhu uwu ndi kutupa kwa kathumba komwe kamakuta mtima. Uwu ndi mtundu uja womwe sutsata ntchito. Umabaya, umakula pokoka mpweya ndiponso pogona chagada, ndipo umachepa munthu akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo. Nthawi zina umamveka paphewa chakukhosi. Poti chilungulira nacho chimakula pogona, kusiyanitsa kwake ndi uku: chilungulira chimaotcha, chimatsata chakudya, ndipo kuwerama kumachiwonjezera, pomwe uwu umabaya, umatsata mpweya, ndipo kuwerama kumaupepuza. Kumaiko a ku Ulaya nthawi zambiri amayambitsa ndi mavairasi a chimfine. Kuno ku Africa, madzi akadzaza m'kathumbako, choyambitsa chachikulu ndi chifuwa chachikulu, makamaka mwa omwe ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi. N'chifukwa chake adokotala akakupemphani kuyezetsa magazi mutabwera ndi ululu wotere, musaone ngati akusochera.

Mnofu wa mtima nawo umatha kutupa patatha masiku kapena milungu ingapo munthu atadwala chimfine kapena kutsegula m'mimba. Ululu ukabwera pambuyo pa matenda otere, limodzi ndi phuma, kutopa kosazolowereka kapena mtima kudumphadumpha, kapimitseni. Wopezeka ndi vutoli amaletsedwa masewera olimba kwa miyezi 3 mpaka 6.

Palinso matenda a zitseko za mtima omwe amatsatira zilonda za kukhosi za paubwana zosachizidwa bwino. Ndi ofala m'Malawi, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nawo mpaka atakula kapena atatenga pakati. Amaonekera kwambiri pa phuma, kutupa mapazi ndi kulephera kugona popanda kutsamira, kuposa pa ululu.

Ndimasewera mpira. Ndisiye?

Ngati ululu wanu ukugwirizana ndi wa nthiti kapena chilungulira monga tafotokozera, simuyenera kusiya, mungopumira kuwombana mpaka mupole. Koma imani kaye mpaka mutapimidwa ngati ululu umabwera muli mkati mothamanga, ngati munakomokapo kapena kuchita chizungulire chachikulu mukusewera, kapena ngati wachibale wanu wa magazi anamwalira mwadzidzidzi akadali wachinyamata popanda chifukwa chodziwika. Pali matenda obadwa nawo omwe amakhuthalitsa mnofu wa mtima, ndipo amabisala mwa anthu amphamvu. Ndi omwe anapha Marc-Vivien Foé wa timu ya Cameroon, yemwe anagwa m'bwalo mumzinda wa Lyon mu 2003 ali ndi zaka 28. Kukomoka pothamanga kusatchedwe njala kapena dzuwa munthu asanapimidwe mtima.

Kuchipatala akandipima chiyani, ndipo ndikanene zotani?

Gawo lalikulu la yankho limachokera m'kamwa mwanu. Konzekani kunena tsiku ndi nthawi yomwe ululu unayamba, zomwe munkachita, malo ake, nthawi yomwe umatenga, chomwe chimaukulitsa, ndi mankhwala onse omwe mwamwa, a m'golosale ndi azitsamba omwe. Za fodya, chamba ndi mowa nenani zoona.

Adzawerenga kugunda kwa mtima ndi kupuma, adzayeza kuthamanga kwa magazi ndi kutentha kwa thupi, adzakupanani kachipangizo pa chala koyeza okosijeni (mwa wathanzi amakhala 95 kapena kuposa), adzadina nthiti n'kumvetsera mbali zonse ziwiri. Zonsezi zikakhala bwino ndipo nkhani yanu ikuloza ku nthiti kapena chilungulira, kusajambulidwa sikutanthauza kuti akunyozani. Akakayikira mapapo, ndi ekisire ndi makhololo. Akakayikira mtima, ndi isiji, makina omwe amalemba magetsi a mtima pa pepala m'mphindi zochepa, komanso sikani yoona zitseko ndi madzi ozungulira mtima. Zimenezi sizipezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, choncho angakutumizeni ku chipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Anandipima osapeza kanthu, koma ululu ukubwerabe. Nditani?

Choyamba, kumbukirani kuti ululu wa chichereweche umachedwa, ndipo kudinadina pamalopo tsiku lonse pofuna kuona ngati papola kumapawawitsa. Chachiwiri, nkhawa imabweretsa ululu weniweni, osati wongoganizira. Mantha akagwira munthu, mtima umathamanga, chifuwa chimathina, amapuma mofulumira mpaka zala ndi milomo kuchita dzanzi, ndipo amamva ngati akufa. Zimafika pachimake m'mphindi 10 zokha n'kuyamba kutsika. Zimakonda nthawi ya mayeso, ya ngongole, kapena pambuyo pa maliro a munthu amene anamwalira mwadzidzidzi. Izi zili ndi chithandizo chake, ndipo n'zoyenera kuzitchula kwa adokotala poyera. Koma dzina loti nkhawa liperekedwe munthu atapimidwa, osati asanapimidwe.

Kwa milungu iwiri, lembani m'kope nthawi iliyonse yomwe ululu wabwera: ola, zomwe munkachita, zomwe munadya, ndi mphindi zomwe watenga. Tengani kopelo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala pobwerera. Musadikire milungu iwiriyo ngati ululu wasintha khalidwe, wayamba kubwera pokwera chitunda, kapena pawonjezereka kutentha thupi, phuma, kuonda kapena thukuta la usiku.